Zidole za agogo: ndidziwa bwanji zaka zake?

"Anzanga, tapeza zidole zitatu m'sutikesi ya malemu agogo amene ankagwira ntchito kwa azungu ku Bulawayo. Chachikulu chili ndi mutu ngati wadongo, kunkhongo kwalembedwa Armand Marseille Germany 390 A 6 M. China ndi chopepuka kwambiri, pamsana pali kachizindikiro ka fulu. Palinso kagalimoto kachitsulo kopukusa ndi kiyi. Ndi za chaka chanji? Ndizitsuke ndi chiyani?"

Achemwali, musazitsuke kaye, ndipo chopepukacho chichotseni padzuwa ndi pafupi ndi moto lero lomwe. Chifukwa chake ndifikapo.

Tiyambe ndi chachikulucho. Gundani tsaya lake pang'onopang'ono ndi chikhadabo, kapena likhudzitseni pa dzino lanu. Chikamveka cholimba, chozizira ngati kapu ya tiyi yadongo, koma khungu lake losanyezimira, ndiye kuti mwagwira bisiki. Ndi dongo loyera lomwe amapangira makapu aja, kungoti sanalikute ndi zonyezimiritsa, n'chifukwa chake limaoneka ngati khungu la munthu. Anthu ambiri amalisokoneza ndi mitu ya utuchi wosakaniza ndi guluu. Ya utuchiyo siizizira choncho, penti wake amachita timing'alu tambirimbiri ngati dambo louma, ndipo pamene pagumuka mumaona zabulawuni mkati. Bisiki akagumuka mkati mwake ndi moyera.

Zolembedwa kunkhongozo zikukuuzani zambiri, koma osati chaka. Armand Marseille anali ndi fakitale ku Köppelsdorf, pafupi ndi tauni ya Sonneberg ku Jeremani. Dzinalo limamveka lachifalansa, ndipo ogulitsa ena amapezerapo mwayi n'kumati chidolecho n'cha ku Falansa, koma ayi. Nambala 390 ndi ya chikombole chimene anaumbira mutuwo, monga mmene woumba njerwa amakhalira ndi chikombole chake. A ndi M ndi zilembo zoyamba za dzina lake, ndipo 6 ali pakatiyo ndi saizi ya mutu. Chikombole cha 390 chinagwira ntchito kuyambira cha m'ma 1900 mpaka m'zaka za m'ma 1930, ndiye chidole chanu chili penapake m'zaka zimenezo. Fakitale yomweyi inali ndi chikombole china cholembedwa 1894, ndipo ndaonapo anthu akulumbira kuti chidole chawo n'cha chaka chimenecho, pomwe chikombolecho anapitiriza kuumbira zaka zambiri pambuyo pake.

Kuti muchepetse zakazo, yang'anani thupi. Mutu wa 390 umalowa m'khosi la thupi n'kumatembenuka, ndipo thupilo nthawi zambiri ndi la utuchi ndi mtengo, ziwalo zake zomangidwa ndi lasitiki mkati. Ngati mawondo ali m'mwamba kuposa mmene ayenera kukhalira, thupilo ndi la m'ma 1920, pamene madiresi afupiafupi anatchuka ndipo opanga anafuna kuti mfundo ya bondo ibisike pansi pa diresi. Koma samalani, mutu ndi thupi sizikhala zobadwa limodzi nthawi zonse. Mwana akaswa mutu, makolo ankangogula wina n'kuikapo. Mukaona kuti khosi likugwedera kapena mutu wakula mopitirira mapewa, dziwani kuti ukwati umenewo ndi wachiwiri.

Chitaninso ichi usiku. Pansi pa wigi, pamwamba pa mutu ndi pobooka, anangotsekapo ndi kakatoni. Ngati wigiyo yamatuka kale yokha, lowetsani kuwala kwa tochi ya foni m'mutumo muli mumdima. Bisiki amadutsitsa kuwala, ndiye mng'alu ngakhale wochepa ngati tsitsi umaoneka ngati kamzere kakuda, ndipo pamene anamatapo kale pamaoneka chigamba chamdima. Muonanso kachitsulo kolemera kolendewera kuseri kwa maso, kamene kamatseketsa maso chidole chikagona. Chidole chotere muzichisunga chafufumimba pa nsalu yofewa, kuti kulemerako kusagwetsere maso mkati. Wigi ikakhala yomatika bwino musaikakamize. Ndikuuziranitu kuti 390 anapangidwa ambirimbiri, ndiye ndi wakale ndithu koma si wosowa. Musayambe kuwerengera malata a nyumba.

Chopepukacho ndikuganiza kuti ndi seluloyidi, pulasitiki wakalekale wopangidwa ndi thonje lothiridwa asidi, losakaniza ndi kamfa. Ndi wopyapyala ngati kampira ka tebulo tenisi, m'mbali mumaoneka mzere pamene anaphatikiza mbali ziwiri, ndipo akakalamba amachita chikasu. Pakani ndi chala pamalo obisika mpaka patenthere pang'ono, kenako nunkhizani. Nthawi zambiri pamatuluka kafungo ka kamfa, konga ka mafuta odzola aja. Wina akakuuzani kuti mubaye ndi singano yotentha, mukaneni. Seluloyidi amayaka ngati pepala lonyikidwa m'parafini, ndipo singano yomweyo ikhoza kukuthetserani chidole m'manja.

Fuluyo ndi chizindikiro cha Schildkröt, fakitale ya ku Mannheim, ku Jeremani komweko. Onani ngati fuluyo ali mkati mwa kabokosi kooneka ngati dayamondi ya pamakhadi. Bokosilo linayamba mu 1899 ndipo linakhalapo zaka zambiri, ndiye limangokuuzani kuti chidolecho sichingakhale chakale kuposa chaka chimenecho. Nambala ili pansi pake ndi kutalika kwa chidole m'masentimita, yesani ndi tepi muone. Nambalayo ikayamba ndi T, si seluloyidi ayi, ndi pulasitiki wosayaka msanga amene fakitaleyi inayamba kugwiritsa ntchito m'ma 1950. Chikakhala chaseluloyidi musachitsekere m'jumbo kapena m'chitini, chimafuna mpweya. Chikayamba kunata, kunyenyeka kapena kununkha mowawasa, chayamba kuwola ndipo sichibwereranso. Chipatuleni, chifukwa mpweya umene chimatulutsa umadya chitsulo, ndipo kagalimoto kanu kagona nacho m'sutikesi imodzi zaka zonsezi.

Kagalimotoko kayeseni ndi maginito. Zoseweretsa zachitini ndi lata lopyapyala lachitsulo lokutidwa ndi tini, ndiye maginito amakakamira. Kenako katembenuzeni. Zakale kwambiri, za m'ma 1800, ankazilumikiza ndi mtovu n'kuzipenta pamanja, moti mizere ya burashi imaoneka. Kuyambira cha m'ma 1900 ambiri ankasindikiza mitundu pa lata lisanapindidwe, n'kulumikiza ndi timakutu tolowetsa m'timipata n'kupinda, popeza moto wa mtovu ukanaotcha zosindikizazo. Mukaona timakutu, ndi kopangidwa kuyambira cha m'ma 1900 kupita m'tsogolo.

Chotsala ndi dzina la dziko, limene limabisala pansi kapena pafupi ndi tayala lakumbuyo. Made in U.S. Zone Germany ndi ka pambuyo pa nkhondo ya 1945, mpaka kuchiyambi kwa ma 1950. Made in Western Germany sikangakhale kakale kuposa 1949. Made in Occupied Japan ndi ka pakati pa 1947 ndi 1952. Mawindo apulasitiki kapena kachiwongolero kapulasitiki zimakakankhira ku ma 1950 ndi ma 1960, nthawi imene Japani inadzaza masitolo ndi timagalimoto totere. Kiyi musaipukuse mokakamiza ngati yalimba, sipuling'i yadzimbiri imaduka.

Zotsuka: kagalimoto ndi chaseluloyidicho, burashi yofewa youma basi. Nkhope ya bisiki mukhoza kuipukuta ndi kathonje konyowa pang'ono, popeza mitundu yake anaiotchera m'ng'anjo, koma madzi asafike m'maso, pa wigi kapena pa thupi la utuchilo, limafufuma. Zovala zake, ngakhale zong'ambika, musataye. Jambulani kunkhongo, pamawondo, pamsana pali fulupo ndi pansi pa kagalimoto, pa kuwala kwa pawindo, muike zithunzizo pano tione.