Musanalipire chaja ya kaunjika, mufunseni izi wogulitsa

"Abale thandizeni. Chaja ya laputopu yanga ya HP yapsa dzulo magetsi atangobwera, nde mawa ndikufuna ndikagule ya kaunjika ku Limbe poti yatsopano ndalama sizikwana. Ndimufunse chani wogulitsa kuti asandipatse yolakwika?"

Achimwene, choyamba musapite chimanjamanja, nyamulani laputopuyo komanso chaja yakufayo ngati simunaitaye. Mukangofika n'kunena kuti "ndikufuna chaja ya HP" mnyamata wogulitsayo apisa mukatoni n'kukupatsani yoyamba imene dzanja lagwira, ailowetse, kanyale kayake, akuuzeni kuti "mwaona bwana, ikugwira". Kulowa ndi kuyaka kokhako sikukuuzani kanthu. HP yomweyo ili ndi machaja osiyanasiyana.

Usiku uno tembenuzani laputopuyo muwerenge tizilembo tapansi paja, mupeza pomwe alemba INPUT kenako manambala awiri, ina yothera ndi V ya mavoloti ina yothera ndi A ya maampu. Pa ma HP ambiri amene ali mmanja mwa anthu kuno pamakhala 19.5V ndi 3.33A, nde nditenga imeneyo ngati chitsanzo, inu muike manambala anu. Pa akale ena sitikayo ili kunsi kwa batire, mpaka muichotse kaye. Ngati zinafufutika onani pa chaja yakufayo mzere wa OUTPUT, bola ikhale chaja imene inabwera ndi laputopuyo osati yomwe wina anangokupatsani. Jambulani pafoni.

Mukafika funso loyamba ndi lakuti "OUTPUT yake ndi mavoloti angati, ndione nawo sitika". Musalole akuwerengereni iyeyo, itengeni mmanja muwerenge nokha, ndipo muonetsetse kuti mukuwerenga OUTPUT osati INPUT chifukwa INPUT imanena za magetsi apakhoma, pafupifupi machaja onse amalemba 100-240V pamenepo ndipo athu a ESCOM a 230V ali mkati momwemo. Mavoloti a OUTPUT afanane ndi a laputopu yanu. Kusiyana kwa theka la voloti, 19V pamalo pa 19.5V, malaputopu ambiri amapirira, ngakhale ine ndinganene kuti poti mukulipira ndalama funani yeniyeniyo. Koma akakuonetsani ya 15V kapena 16V, kapena ya 24V ya pulinta, bwezani pompo. Yochepa mavoloti laputopu siitchaja kapena imangozimazima, pomwe yochuluka kwambiri itha kuotcha bodi ndipo pamenepo ndalama yokonzetsera iposa ya chaja yatsopano ija mumaithawa. Machaja aja amati yunivesal, okhala ndi kaswitchi kosunthira kuyambira 12V mpaka 24V ndi mitu yambirimbiri, ine sindimawafuna n'komwe, kaswitchi kaja kakasuntha mchikwama inu osadziwa mwapha laputopu.

Lachiwiri ndi la maampu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera mpaka kukana chaja yabwinobwino. Maampu sakuyenera kufanana ndendende ayi. Akhale ofanana kapena ochulukirapo, koma asachepe. Chaja siikankhira maampu mu laputopu, laputopu ndi imene imakoka amene ikufuna, nambala ya pasitikayo ikungonena malire amene chajayo ingakwanitse. Zili ngati thanki ya madzi, kukula kwake sikuphulitsa ndowa yanu, mumatunga okukwanani basi.

Tiyerekeze mnyamata uja watulutsa zitatu, zonse za 19.5V ndipo zonse zikulowa pa laputopu yanu. Yoyamba ndi HP yaing'ono yolembedwa 2.31A, yachiwiri ndi HP yaikulu yolembedwa 4.62A, yachitatu ndi Dell ya 3.34A. Chulukitsani mavoloti ndi maampu mupeze mawati. Laputopu yanu 19.5 kuchulukitsa ndi 3.33 ikupereka mawati 65. Yoyamba ija ikupereka 45, yachiwiri 90, ya Dell 65. Ambiri angathamangire ya Dell poti manambala akufanana, kapena yaing'onoyo poti ndiyotchipa komanso yopepuka, koma yoti mutenge ndi ya 90. Ya 45 iyatsa laputopu inde, mwina itchajanso laputopu ikakhala yozimitsa, koma mukatsegula zinthu zambiri batire izingoima pamodzimodzi kapena kutsika chaja ili chilumikizire, laputopu iziyenda mwaulesi ndipo nthawi zina imatulutsa uthenga woti mulumikize chaja yamphamvu, chajayo iziotcha poti ikugwira ntchito pamalire ake tsiku lonse. Ya 90 vuto lake ndi kulemera mchikwama basi.

Nanga ya Dell yalakwanji? Apa ndi pa funso lachitatu, la mutu wa chingwe umene umalowa mu laputopu. Mufunseni kuti "mutu umenewu ndi wa kampani yanji, ndipo ndi umene inabwera nawo?" HP ndi Dell amagwiritsa ntchito mitu yofanana kukula, waukulu wakale uja wa mamilimita 7.4 ndi waung'ono wa 4.5, umene pa HP nthawi zambiri umakhala ndi mlomo wabuluu. Suzumirani mkati mwa mutuwo muona kasingano kowonda pakati. Kasingano kameneko si kamene kamanyamula magetsi otchajira, ntchito yake ndi kuuza laputopu kuti chajayi ndi ya mawati angati, ndipo HP ndi Dell amauza mnjira zosiyana. Nde chaja ya kampani ina imalowa bwinobwino koma laputopu osaizindikira, mapeto ake ikhoza kukana kutchaja batire kapena kudzichepetsa liwiro. Amene muli ndi Dell mgulu muno mwina munauonapo uthenga uwu poyatsa: The AC power adapter wattage and type cannot be determined. Umabweranso ngakhale ndi chaja ya Dell yeniyeni ngati kasinganoko kathyoka kapena kawaya kake kaduka mkati, zomwe pa machaja a kaunjika si zachilendo. Yatsani tochi ya foni muone ngati kalipo ndipo kali chilili. Pa Dell mutha kudina F2 poyatsa, mu BIOS mupeze pomwe alemba za AC Adapter, pakalembedwa 65W kapena 90W zili bwino, pakalembedwa Unknown isiyeni.

Za mutu "umene inabwera nawo" ndikunena dala. Mumsika machaja ambiri ndi olumikiza, thupi la Acer mutu wa HP, amanga ndi tepi wakuda kapena abisa bwinobwino ndi kapulasitiki kotenthetsa kaja. Yendetsani zala chingwe chonse, makamaka pamene chikutuluka mthupi la chaja ndi pafupi ndi mutu, mukamva chotupa ndiye kuti panadulidwa. Onaninso msoko wa thupilo ngati pali zizindikiro za mpeni kapena guluu, imeneyo inatsegulidwapo, mufunseni kuti anakonzamo chani. Kulumikiza pakokha si tchimo ngati wolumikizayo amadziwa ntchito, koma akasemphanitsa mawaya pulasi n'kupita kwa mainasi laputopu imatha kufa nthawi yomweyo, komanso thupi la kampani ngati Acer silikhala ndi chouzira kasingano kaja. Kwa anzathu a Acer ndi Toshiba, mitu yanu kunja ndi yofanana, mamilimita 5.5, koma bowo lamkati la Acer ndi 1.7 pomwe la Toshiba ndi ma Asus akale ndi 2.5, nde ya Toshiba pa Acer imatha kulowa koma imagwedera, kutchaja n'kumasiya, mpaka soketi ya laputopu kuwonongeka. Mutu usamafune kukakamiza ndipo usamafune kuugwirizira ndi buku.

Mbali yapakhoma musaiiwale. Funsani ngati mtengowo ukuphatikiza chingwe chopita kusoketi, ena amakutchulirani mtengo wa thupi lokha kenako chingwe n'kukuuzani china. Ngati chanu chakale chili bwino ndipo kabowo kakufanana, kaja ka maenje atatu kapena ka awiri kooneka ngati 8, gwiritsani ntchito chomwecho mupulumutseko ndalama. Katundu wochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, wa ku Amerika mano opyapyala, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu amakona aja. Pezani chingwe cha pulagi yathu yokhala ndi fyuzi mkati, osati zomatokosa soketi ndi chivindikiro cha bolopeni kuti ya mano awiri ilowe, zimathetheka zija ndipo ndi magetsi athu ozimazimawa simukufunanso kuwonjezera vuto lina.

Kenako mufunseni kuti "ndingaiyese pano kwa mphindi khumi?" Akakana kapena akati magetsi kulibe, pitani benchi ina kapena mukayesere limodzi kwa okonza mafoni apafupi. Ndipo mubwere batire ili cha pakati osati yodzadza, poti batire yodzadza siikoka kanthu nde chaja iliyonse yofooka imaoneka ngati ngwazi. Lumikizani, onani kachizindikiro ka batire pasikirini kuti kakusonyeza kutchaja, lembani peresenti, tsegulani kanema, walitsani sikirini mpaka mapeto. Pakatha mphindi khumizo peresenti ikhale itakwera. Muli kudikira gwedezani chingwe pafupi ndi mutu ndi pafupi ndi thupi, sikirini ikamathima pang'ono n'kuwalanso ndiye kuti waya waduka mkati. Yendetsaninso chala pa tachipadi, kamuvi kakamadumphadumpha kokha chaja ili yolumikiza koma n'kukhazikika mukaizula, chajayo ikutulutsa magetsi akuda, kawirikawiri ndi feki kapena zamkati zatopa. Ikani khutu, kulira kwa tsiii kapena fungo la pulasitiki wopsa ndi zokwanira kuibweza. Kufunda ndi kwabwinobwino, koma osati kufika polephera kuigwira.

Ena amatulutsa mita yoyezera mavoloti n'kukuonetsani 19.5 kuti mukhulupirire. Ndi bwino, zikutsimikizira mavoloti, koma chaja yotopa imaonetsanso 19.5 yomweyo ikakhala sikukoka kanthu n'kugwa laputopu ikangoyamba kukoka, nde mita isalowe mmalo mwa kuyesa kuja. Komanso muyang'anitsitseni poyezapo, pa mitu ya kasingano pulasi ili pakhoma lamkati mwa mutuwo, akagunditsa nsonga ya mita pa kasingano ndi pakhomalo nthawi imodzi atha kupha chozindikiritsa chija inu muli pomwepo.

Za feki, sitika yokha musaikhulupirire kwambiri poti amasindikiza. Ikani yanu yakufa dzanja lina ya wogulitsa dzanja lina, ngati zonse akuti ndi 65W koma yakeyo ikupepuka ngati mulibe kanthu, kayikirani. Orijino yakale yokandikakandika ine ndimaikonda kuposa yonyezimira yamupepala yotchipa modabwitsa.

Ngati HP yanuyo ili ya masiku ano yotchajira pa USB-C nkhani ya mitu ija sikukukhudzani, koma werenganibe OUTPUT, pakhale mndandanda wa mavoloti wofika 20V ndipo mawati akwane a laputopu yanu, chingwe chakenso chikhale chokwanitsa mawatiwo. Ya foni yolembedwa 5V yokha ilowa koma siithandiza.

Musanapereke ndalama gwirizanani kuti ikavuta mubweza pofika liti, ndipo akubwezerani ndalama kapena akusinthirani. Tengani nambala yake muiyimbe pomwepo ilire, ndipo jambulani sitika ya chajayo iye akuona kuti mawa asadzati si imene anakugulitsani.