Mwanabele wa pakhosi wandilanda mtendere, ndisiye sukulu ya unamwino?

Funso: Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a unamwino. Chiphunzirireni za khansa, ndinapeza kamwanabele pakhosi ndipo ndimangokakhudza tsiku lonse. Mutu ukawawa ndimati ndi chotupa cha mu ubongo, mtima ukagunda ndimayamba kuwerenga kugunda kwake. Madokotala awiri anati ndilibe vuto, koma mtima umakhala m'malo kwa masiku awiri okha. Usiku ndimachezera kufufuza zizindikiro pafoni. Mayeso ayandikira, kuwerenga kwandikanika. Kodi ntchitoyi si yanga?

Yankho: Sukulu musasiye, ndipo nkhani yosiya kapena kupitiriza musaigamule panopa. Chomwe chikukudyerani nthawi ndi kudzifufuzako, ndipo chizolowezi chimenechi chimatheka kuchithetsa.

Mukakhudza mwanabeleyo n'kupeza kuti sanakule, mtima umatsika. Mpumulo umenewo ndi weniweni, ndipo vuto lagona pomwepo. Ubongo umaphunzira kuti mwapulumuka chifukwa munafufuza, choncho nkhawa ikabweranso umakutumani kukafufuzanso, mofulumira kuposa poyamba. Zili ngati kukanda pamene pakuyabwa: pamakoma kanthawi, kenako pamayabwa koposa. Mawu a dokotala nawonso amagwira ntchito yomweyo mukamawafuna kuti angokutsitsani mtima. N'chifukwa chake amakusungani masiku awiri basi, kenako funso lija limabwerera: nanga ngati sanaone bwino?

Pali chinanso chomwe inu ophunzira unamwino mungachimvetse msanga. Kufufuzako kumabala zizindikiro. Mwanabele wofinyidwa maulendo makumi angapo patsiku amayamba kuwawa, khungu la pamwamba pake limanyerenyetsa, ndipo inu mumaona ngati matenda akula. Mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, koma munthu akamawerenga ali ndi mantha nambala imakwera chifukwa cha manthawo. Kupuma mofulumira kumachititsa dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndiponso chizungulire. Minofu ya m'khosi ndi m'mapewa ikakhala yokungika tsiku lonse, mutu umawawa ngati mwaumanga lamba. Yesani izi: kwa mphindi ziwiri ganizirani za kumeza malovu kokha. Mudzamva ngati pakhosi pali china chake chotsekereza, chomwe simunachimve mphindi zisanu zapitazo. Thupi limakhala ndi timaululu ndi tizochitika tambirimbiri nthawi zonse; mwangoyamba kutimvetsera.

Sindikunena kuti muleke kupita kuchipatala. Pitani kamodzi, kwa dokotala mmodzi, ndipo ulendo uno mukanene zonse: kuti mumakhudza kangati, kuti simugona, kuti mwaonana kale ndi ena awiri. Mukamufunse kuti akuuzeni zizindikiro zoyenera kubwerera nazo, ndi tsiku loti adzakuoneninso. Kawirikawiri mwanabele wochepera sentimita imodzi, wofewa, woyendayenda pansi pa chala, amakhala wotsalira wa chimfine kapena zilonda za pakhosi, ndipo ena satheratu. Wofunika kuonedwanso ndi amene akukulirakulira, wolimba ndi wosasuntha, kapena wobwera limodzi ndi kuwonda kosadziwika chifukwa, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kutentha thupi kosatha, kapena chifuwa chopitirira milungu iwiri. Kupweteka kwambiri pachifuwa kophatikiza ndi kubanika, kukomoka, kapena kufooka kwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, zimenezo sizidikira tsiku. Lembani zomwe dokotala wanena papepala limodzi. Chomwe sichili papepalapo, muchipatse mlungu umodzi musanachitepo kanthu. Timaululu tambiri timakhala titatha pofika nthawi imeneyo, mwinanso mutaiwala.

Tsopano ntchito yeniyeni. Mlungu woyamba musasinthe chilichonse, ingowerengani. Nthawi iliyonse dzanja likapita pakhosi, mukawerenga kugunda kwa mtima, mukafufuza pafoni, kapena mukafunsa mnzanu kuti "tandigwira apa, ukumva bwanji?", ikani kamzere kumapeto kwa kope. Tiyerekeze kuti mwapeza timizere 30 patsiku, ndipo tambiri tagwa madzulo mukuwerenga ndiponso mutagona. Pamenepo mwadziwa nthawi zomwe mudzalimbane nazo.

Mlungu wachiwiri dzipatseni nthawi ziwiri zokha zokhudza mwanabeleyo, m'mawa ndi madzulo, mphindi imodzi ulendo uliwonse. Chilakolako chikabwera pakati pa nthawizi, onani wotchi, lembani kukula kwa nkhawa pakati pa 0 ndi 10, ndipo dikirani mphindi 15 manja atagwira cholembera, mukupitiriza zomwe mumachita. Mwina idzayambira pa 8, n'kukwera kufika pa 9, kenako mudzaipeza pa 5 musanakhudze kalikonse. Ikakhala isanatsike, onjezerani mphindi 15 zina. Phunziro lonse lili pamenepa, kuona ndi maso anu kuti nkhawa imatsika yokha, ndiponso kuti mungathe kuwerenga tsamba lathunthu ikadalipo. Mlungu wachitatu khudzani kamodzi patsiku, wachinayi kamodzi pa mlungu, kenako musiyire dokotala pa tsiku lomwe munapangana.

Masiku oyambirira adzakhala oipa kuposa panopa. Ambiri amabwerera pomwepa poganiza kuti njirayi yawaonjezera vuto, pamene ndi mmene imayambira. Tsiku lina mudzapezeka mwakhudza kakhumi. Ikani timizere tanu, mawa mupitirize pomwe munali. Chenjeraninso ndi kufufuza kobisika. Munthu amasiya kukhudza ndi zala n'kuyamba kupotoza khosi kuti amve ngati pali chokoka, kapena kudziyang'ana pagalasi ngati akukonza kolala. Zimenezo ziwerengedwe pa timizere.

Foni ndiyo yovuta kwa inu, poti kuwerenga za matenda ndi sukulu yanu imene. Malire ake akhale awa: mutu womwe uli pa ndandanda ya maphunziro muwerenge masana, patebulo, mukulemba manotsi, chizindikiro chomwe mukuchimva m'thupi mwanu musachilembe pofufuzira. Usiku foni igone kutali ndi bedi. Musathawenso mitu ya khansa, pakuti kuizemba kumakulitsa mantha monga momwe kufufuza kumachitira, ndipo pamayeso idzabwera ndithu. Mabuku a zachipatala amasonkhanitsa matenda osowa pamalo amodzi, n'chifukwa chake ophunzira ambiri a udokotala ndi unamwino amadzipeza ndi nthenda iliyonse yomwe aphunzira mwezi umenewo. Sichizindikiro choti ntchito yawakana.

Makolo ndi anzanu apamtima muwauze za dongosololi, chifukwa mwachikondi chawo amakuyankhani kuti "ulibe kanthu" kasanu patsiku, ndipo yankho limenelo limadyetsa chizolowezi chomwecho. Mugwirizane chiganizo chimodzi choti azinena mofatsa: "Tinagwirizana kuti funso limeneli sindiyankha, koma tiye tikhale limodzi mpaka zidutse." Poyamba mudzawakwiyira. Asakusekeni kapena kukuuzani kuti mukunamizira, ululu mukuumvadi.

Buku la akatswiri a matenda a maganizo a ku America la mu 2013 limaika nkhawa yotere m'gulu la matenda ikakhala yatha miyezi 6, koma simuyenera kudikira mpaka pamenepo. Ngati patatha milungu inayi timizere sitinatsike, ngati mukujomba m'kalasi kapena kuwodi, kapena tulo tasoweratu, kaonaneni ndi mlangizi wa pasukulu panu kapena katswiri wa za maganizo. Mukapemphe thandizo lophunzitsa kusintha kaganizidwe ndi zizolowezi, lomwe limatsata njira yonga yomwe ndafotokozayi koma muli ndi wokuyang'anirani. Kwa ena dokotala amaonjezerapo mankhwala. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo. Mphunzitsi wokuyang'anirani naye mumudziwitse mayeso asanafike, popeza chithandizo cha pasukulu chimavuta kupempha zotsatira zitatuluka kale.