Kujambula mitambo ya pa phiri la Dedza kuti ioneke ikuthamanga

"Akuluakulu ndithandizeni, ndili ndi Canon 600D ndi lenzi ya 18-55, ndagulanso ka intavalomita ka chingwe kaja. Ndikufuna kujambula mitambo ikudutsa pa phiri la Dedza kuti muvidiyo izioneka ikuthamanga, koma mabatani ake sindikuwamva ndipo ulendo wapitawu vidiyo inatuluka yaifupi komanso yophethiraphethira. Nditani?"

Achimwene, musanagwire n'komwe ka intavalomitako, kachida koombetsa kamera yokha pa mpata wa nthawi womwe mwaika, yambani mwadzifunsa kuti mukufuna vidiyo ya masekondi angati, chifukwa zina zonse zimachokera pamenepo. Vidiyo wamba imadya zithunzi 25 pa sekondi imodzi. Ndiye mukafuna masekondi 20 mukufunika zithunzi 500, palibe kuchitira mwina. Anthu ambiri amaima pa msewu mphindi teni, ajambula zithunzi 100, akuona ngati agwira ntchito yaikulu, kukafika pa laputopu n'kupeza masekondi 4 okha. Mwina n'zimene zinakuchitikiraninso.

Mukadziwa nambala ya zithunzi ndiye mumasankha mpata wa pakati pa chithunzi ndi chinzake, ndipo mpatawo umayendera liwiro la chomwe mukujambula. Mitambo ya tsiku labata, yoyenda pang'onopang'ono ija, masekondi 5 amakwana bwinobwino. Zithunzi 500 kuchulukitsa ndi 5 ndi masekondi 2,500, kutanthauza kuti mukhala pamenepo mphindi pafupifupi 42. Koma kuno mu Juni ndi Julaye mwera ukamaomba mitambo imatsika n'kumakwawa pamwamba pa mapaini paja mothamanga ndithu, pamenepo tsitsani mpata ufike masekondi 2 kapena 3, apo ayi mtambo ukhala uku pa chithunzi china, pa chotsatira wafika kale uko, muvidiyo zimangooneka kudumphadumpha. Mukakayikira sankhani mpata waufupi. Zithunzi zikachuluka mutha kuthamangitsa vidiyo pokonza, koma zikachepa zomwe simunajambule simungazipezenso.

Tsopano pa kachida kanuko. Zambiri zotchipazi zimafanana, pa sikirini pamakhala DELAY, LONG, INTVL ndi N. DELAY ndi nthawi yodikira isanayambe, ikani masekondi 5 kuti dzanja lanu lichoke ndipo kamera ikhazikike. INTVL ndiye mpata uja, ikani 5. N ndi nambala ya zithunzi, ndipo apa pali msampha, zambiri zimathera pa 399 pomwe inu mukufuna 500. Pitirirani mpaka ionetse timizere tiwiri --, ndiko kuti ijambula osaima mpaka mudzaimitse nokha, inu muzingoyang'ana wotchi.

LONG ndi yomwe imasokoneza anthu kwambiri. Imeneyo ndi kutalika kwa nthawi yomwe kachidako kagwire batani la shata, ndipo imagwira ntchito yeniyeni pokhapokha kamera ili pa BULB, pomwe shata imakhala yotsegula nthawi yonse yomwe batani lagwiridwa, monga pojambula nyenyezi usiku. Masana liwiro la shata mumalisankha pa kamera penipeni, LONG muisiye pa 0 kapena sekondi imodzi ngati pa 0 kamera ikukana kuomba. Kenaka yesani ndi wotchi muli kunyumba, chifukwa zina zimaphatikiza LONG ndi INTVL, mwaika 1 ndi 5 koma ikuomba pa masekondi 6 aliwonse, zina ayi. Mverani kulira kwa shata kangapo mukuwerenga, mudziwa mtundu womwe muli nawo. Onetsetsaninso kuti kamera ili pa chithunzi chimodzichimodzi, osati pa kuomba motsatizana, apo ayi sekondi imodzi ija iomba zitatu.

Kuphethira kuja nkhani yake ndi iyi, kamera mukaisiya kuti iziganiza yokha imayeza kuwala mwatsopano pa chithunzi chilichonse. Mtambo woyera ukalowa imadetsa, ukatuluka imawalitsa, ndipo pa zithunzi 25 pa sekondi diso limaona ngati babu yomwe ikufuna kupsa. Ndiye chilichonse chokhala ndi Auto chichotseni. Gudumu la pamwamba likhale pa M. ISO ikhale 100, osati Auto. White balance musasiye pa AWB, sankhani Daylight, kuti mtundu wa thambo usamasinthe kuchoka kobiriwira kupita kofiirira. Auto Lighting Optimizer izimitseni. Pa lenzi pali timaswitchi tiwiri, fokasani kaye pa mitengo ya pa phiri kapena pa nsanja za pamwamba zija, mukatero kankhirani ku MF, ndipo STABILIZER ikhale OFF poti kamera ili pa thirayipodi. Za MF musaziphweketse, mukasiya pa AF chifunga chikaphimba phiri lenzi imasowa pogwira, imayamba kusakasaka ndipo kamera imakana kujambula, mumangozindikira kunyumba kuti pakati pali dzenje la zithunzi zosowa.

Poyeza kuwala muganizire nthawi yowala kwambiri yomwe ibwere, osati yomwe mwaimayo. Ngati mukuyamba dzuwa litabisala, mukayeza pamenepo ndiye likangotuluka mitambo yonse ipsa n'kukhala yoyera mbee yopanda mizere, ndipo zoyera zopsa sizibwereranso pokonza. Dikirani dzuwa lituluke, jambulani chimodzi, onani pa histogalamu, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi, kuti sichikugunda khoma la kumanja. Kuderako pang'ono kulibe vuto, kumakonzeka.

Ngakhale mutatseka zonsezi kaphethiridwe kena kamatsala, ndipo aka kamachokera mu lenzi. Malenzi amakonowa amakhala otsegula kwathunthu, ndiye pa chithunzi chilichonse timapeni ta mkati timatseka kufika pa f yomwe mwasankha n'kutsegukanso, ndipo sititseka ndendende mofanana ulendo uliwonse. Pa f/16 kapena f/22 bowo la pakati pa timapenito, lomwe amati apecha, ndi laling'ono kwambiri moti kusiyana pang'ono kumaoneka, n'chifukwa chake ine ndimati musapyole f/8. Ena a Canon amagwira kabatani kakang'ono kali m'munsi mwa lenzi kotsekera apecha, n'kupotoza lenzi pang'ono ngati akuichotsa kuti ikhale yotseka chomwecho mpaka kumaliza. Zimagwira, koma lenzi imakhala yosakhoma, pa miyala ya ku Dedza kuno ine sindingakulimbikitseni poyamba.

Chomwe ndingakulimbikitseni ngati kathumba kakulola ndi galasi lodetsa la ND1000, la 58mm kuti likwane pa lenzi yanuyo. Taonani mmene zimakhalira. Dzuwa lili phwee, ISO 100, f/8, shata imakhala cha pa 1/400. Pa liwiro limenelo chilichonse chimaima chilili, mbalame ikadutsa imaoneka kadontho kakuda pa chithunzi chimodzi n'kusowa, nthambi zimanjenjemera, njinga ya kabaza ikuoneka apa kenaka palibe. Mukavala ND1000 kuwala kumachepa ka 1,000, ndiye 1/400 ija imasanduka masekondi awiri ndi theka, lomwe ndi theka ndendende la mpata wa masekondi 5. Pamenepo mitambo imatsetsereka bwino, mbalame sizioneka n'komwe. Kungoti fokasani ndi kukonza chithunzi musanavale galasilo chifukwa likakhalapo simuona kanthu, ndipo povala musapotoze mphete ya fokasi, pa lenzi imeneyo kutsogolo kumazungulira mosavuta, ena amamata ka tepi.

Lamulo apa n'lakuti shata ithe, chithunzi chilembedwe pa khadi, kenaka mpata utsale. Yang'anani kanyali kofiira kumbuyo kwa kamera, kakuyenera kuzima chithunzi chotsatira chisanaombe. Kakamangoyaka osazima ndiye khadi ikuchedwa ndipo posachedwa kamera iyamba kudumpha. Ngati mwatsitsa mpata kufika masekondi 3 chifukwa cha mwera, shata nayo itsike, kwezani ISO ifike 200 kuti shatayo ikhale cha pa sekondi imodzi ndi pang'ono. Long exp. noise reduction ikhale yozima, chifukwa ikayaka kamera imatenga nthawi ina yofanana ndi ya shata ikukonza chithunzi, ndiye masekondi awiri ndi theka aja akhala 5, mpata wonse watha.

Za khadi ndi batire mwachidule. RAW imodzi pa 600D ndi cha pa 25MB, zithunzi 500 ndi 12GB ndi kanthu, JPEG yaikulu ndi cha pa 6MB kapena 7MB, zonse zingokwana 3GB ndi theka. Poyamba JPEG ikukwanirani, ndi yaikulu kale kuposa vidiyo ya 1080. Batire ikhale yodzaza, Image review pa Off, osagwiritsa Live View pojambula, sikirini muitembenuzire mkati. Dedza tili pamwamba, mamita cha m'ma 1,600, ndipo kuzizira kwa m'mawa kumafooketsa batire msanga, batire ina muisunge m'thumba la jekete. Koma kusintha batire pakati kumagwedeza kamera, bola kuyamba ndi yodzaza.

Thirayipodi musaitambasule mpaka kumapeto, miyendo yopyapyala ya m'munsi ndi mtengo wa pakati uja ndi zomwe zimavina ndi mphepo. Ikhale yaifupi, mangirirani chikwama chokhala ndi mwala pansi pake moti chizikhudza nthaka osalendewera, lamba wa kamera mumukulunge, ka intavalomita nako kasamalendewere pa chingwe. Musaime m'mphepete mwenimweni mwa M1, mathiraki opita ku boda ndi ku Lilongwe amagwedeza. Ndipo ana akabwera kudzaona, poti abwera ndithu, jambulani mzere pansi kuti asaupyole. M'chithunzimo mukhale chinthu chosasuntha, phiri, denga, thanthwe, thambo litenge magawo awiri mwa atatu, chifukwa mitambo yokhayokha popanda choima sioneka kuti ikuyenda bwanji.

Nthawi yabwino yoyambira kuphunzira ndi pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana pomwe kuwala sikusintha kwambiri. Kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa kusiyeni kaye, kuwala kumagwa kwambiri m'mphindi zochepa ndipo M yokhazikika siingakwanitse. M'mawa kwambiri palinso mame, amakhala pa galasi pang'onopang'ono vidiyo n'kumayera ngati utsi kumapeto, ndipo simungapukute osagwedeza.

Mukafika kunyumba koperani zithunzizo mu foda yawoyawo, musafufute china pakati chifukwa manambala akuyenera kutsatizana. Ngati muli ndi pulogalamu ya ffmpeg, tinene kuti choyamba ndi IMG_1201.JPG, lembani izi muli mu fodamo:

```
ffmpeg -framerate 25 -start_number 1201 -i IMG_%04d.JPG -vf "scale=1920:-2,crop=1920:1080" -c:v libx264 -pix_fmt yuv420p phiri.mp4
```

Imeneyi imachepetsa zithunzi n'kudula pang'ono pamwamba ndi pansi kuti zikwane sikirini, ndiye pojambula musaike nsonga ya phiri kumphepete kwenikweni. DaVinci Resolve yaulere ija nayonso imatha kuwerenga zithunzi zotsatizana ngati vidiyo imodzi. Mukaonera, kuphethira kwa chithunzi chonse ndi Auto yomwe mwaiwala kapena apecha, kulumpha kwa mitambo yokha phiri lili chilili ndi mpata wautali kapena zithunzi zodumphidwa, phiri lenilenilo likamagwedera ndi thirayipodi. Musanakwere kopita kutali yesani pakhomo mawa masana, zithunzi 125 pa masekondi 5, mphindi teni ndi theka basi, mupeza masekondi 5 a vidiyo, muponye muno tione chomwe chatsala.