Mpope wokweza madzi a pakasupe popanda magetsi

"Tili ndi kasupe kumunsi kwa phiri, nyumba ili mamita 20 pamwamba pake. Kodi mpope uja wosafuna magetsi ungatikwezere madzi?"

Ungakweze ndithu achimwene, bola pansi pa kasupepo pakhale potsetsereka mamita awiri kapena kuposerapo. Mpopewo muuyike kumunsiko. Madzi amatsika mothamanga mupaipi, vavu yotayira madzi n'kutsekeka mwadzidzidzi. Kugunda kwa madziwo kumatsegula vavu yachiwiri, ena n'kulowa m'kathanki ka mpweya. Mpweya wopanikizikawo ndi umene umawakankhira kumtunda.

Musanagule kanthu, yezani kasupeyo ndi ndowa mu Okutobala, madzi atachepa. Tinene kuti akutulutsa malita 20 pa mphindi. Chulukitsani ndi mamita 2 otsetsereka, gawani ndi mamita 22 okwera kuchokera pampope kukafika kunyumba, kenaka chulukitsani ndi 0.6 poti mphamvu ina imatayika mumpopemo. Mupeza malita pafupifupi 1.1 pa mphindi, pafupifupi malita 1,600 patsiku. Otsalawo amatayika pampopepo, ndiye akumbireni ngalande yopita kudimba.

Paipi yotsitsa madzi ikhale yachitsulo, yowongoka, yaitali ngati mamita 12. Ine ndinayamba ndi yakuda yapulasitiki yofewa ija: inkangofufuma n'kumeza mphamvu yonse, kumtunda osafika ngakhale dontho. Kukamwa kwake ikani sefa, chifukwa kamchenga kokha kamalepheretsa vavu kutseka. Mukamva mpope ukugunda mwaukali, mapaipi akunjenjemera koma madzi akuchepa, ndiye kuti mpweya wathamo m'kathanki. Kakhuthuleni, kapena lowetsanimo chubu cha njinga chopopa pang'ono.

Mamitawo akuyezereni katswiri wa zamadzi, maso amanama paphiri. Ngati madziwo ndi akumwa, a zaumoyo awapime kaye.