Mawu a m'chilengezo cha ntchito alowe bwanji m'ndime yoyamba ya CV?

"Ndimakhala ku Kapata, ndili ndi dipuloma ya akaunti. Ndimafunsira ntchito pa intaneti koma sandiitana. Akuti kompyuta ndiyo imasefa ma CV. Ndime yoyamba ija ndiilembe bwanji kuti indione?"

Mayi, pulogalamu imeneyi, yotchedwa ATS, monga Workday kapena Taleo, imasandutsa CV yanu kukhala mawu okhaokha n'kuwasunga. Kenako wolemba anthu ntchito amatayipa mawu amene akufuna, ndipo ma CV okhala ndi mawuwo ndi amene amaonekera. Kawirikawiri mawuwo amawatenga m'chilengezo chomwe chija.

Ndiye tengani chilengezocho ndi cholembera. Tinene kuti bungwe lina muno mu Chipata likufuna Accounts Assistant. Chongani dzina la ntchito, pulogalamu ya kompyuta, pepala la sukulu, ndi ntchito zimene zatchulidwa kawiri kapena zili pansi pa Requirements. Mupeza mwina bank reconciliation, Sage Pastel, ZICA Technician, PAYE ndi NAPSA. Asanu kapena asanu ndi limodzi akwana. Mawu ngati hardworking asiyeni, palibe amene amawasaka.

Pamene ambiri amaphonya ndi apa: amalemba zoona, koma m'mawu awoawo. Inu mwalemba balancing bank books, uko akusaka bank reconciliation. Ntchito ndi imodzimodzi, koma mapulogalamu ena sadziwa zimenezo, amangoyang'ana zilembo. Lembani monga chilengezo chalembera, ndipo liwu lililonse likhale pafupi ndi chimene munachitadi:

```
Accounts Assistant and ZICA Technician with 3 years' experience
in monthly bank reconciliation using Sage Pastel. Prepared PAYE
and NAPSA returns for 40 staff.
```

Zaka 3 ndi antchito 40 ndi chitsanzo chabe, ikanipo manambala anu enieni. Manambalawo ndi amene amakhutiritsa munthu wowerenga pambuyo pa kompyuta. Mukangondandalika mawu popanda chiganizo, iye amaona msanga kuti mwakopera. Ngati Sage Pastel simunaigwiritsepo ntchito, musailembe. Pa intavyu angathe kukukhazikani pa kompyuta.

Chidule monga ZICA chilembeninso chathunthu kamodzi, m'gawo la maphunziro, chifukwa simudziwa chimene adzatayipe.

Palinso vuto la kumene ndimeyo yakhala. Ikakhala mu Header kapena mu Text Box ya Word, mapulogalamu ena amaidumpha. Choipa kwambiri ndi CV yosindikiza papepala, kenako n'kukaijambulitsa pa kafe ya intaneti: imeneyo ndi chithunzi, mulibe mawu oti asakidwe. Yesani chonchi: tsegulani fayilo, dinani Ctrl+A ndi Ctrl+C, muike mu Notepad. Ndime yanu ikasowa kapena mizere ikasokonekera, ilembeninso ngati mawu wamba pansi pa dzina lanu.

Ena amabisa mawu powalemba ndi mtundu woyera. Musatero, pakuti ATS ikachotsa mitundu onse amaonekera poyera. Chilengezo chatsopano chikatuluka, chonganinso mawu ake ndi kusintha mizere itatu ija musanatumize.