Funso loyamba foni ya ngozi ikalira

"Ndine wazaumoyo kuno ku Thyolo. Anthu amandiimbira pakagwa zadzidzidzi, koma mayunitsi amawathera kapena netiweki imaduka tisanamvane. Mpata ukakhala wa funso limodzi lokha, ndiyambe ndi liti?"

Achimwene, ine ndimasankha chonchi: ndimadzifunsa kuti foni ikaduka pompano, ndi yankho liti lomwe likasowa ndingokhala manja lende? Kwa inu amene mumanyamuka pa njinga kapena kuitana ambulansi, funso lake ndi "Muli pati?" Matenda mukawaona mukafika, koma malo simungawalote.

Ndinaziphunzira movutika. Usiku wina mayi anaimba akulira kuti bambo akunyumba agwa. Ine ndinafunsa kuti "Chachitika n'chiyani?" Mayiwo anayambira kutali, za mutu umene unayamba dzana, za mankhwala a ku golosale, basi foni thii. Nditabwezera, sinkapezekanso. Ndinatsala ndi mbiri ya matenda, koma mudzi osaudziwa. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye pewani funso lotsegula nkhani. Ndiponso musakhutire ndi yankho loti "ku Thekerani" kapena "ku esiteti", chifukwa minda ya tiyi imafanana, makamaka usiku. Nenani kuti "Mudzi wa ndani, pafupi ndi sukulu kapena tchalitchi chiti?" Kenaka atumize mwana akaime pamsewu ndi tochi.

Koma pali nthawi imene ndimatembenuza. Ngati woimbayo mukumudziwa ndipo kwawo mukukudziwa, kapena thandizo silingafike msanga, monga zinalili mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy ataononga misewu ndi milatho ku Mulanje, funso la malo silipulumutsa munthu. Pamenepo funsani kuti "Akupuma bwinobwino?" Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka pakangodutsa mphindi 4 mpaka 6, ndipo palibe galimoto yochoka ku boma imene ingafike nthawi imeneyo. Manja amene alipo ndi a woimbayo.

Mawu oti "bwinobwino" musawasiye. Munthu amene mtima wake waima nthawi zina amatsegula kukamwa n'kumakoka mpweya mwa apo ndi apo ngati akuliza mkonono, ndipo achibale amayankha kuti "eya, akupuma". Kumeneko si kupuma. Afunseni ayang'ane ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika mosalekeza. Ngati sakuyankha akamugwedeza komanso sakupuma choncho, amugoneke chagada pansi polimba, osati pa matiresi, ndipo ngati ndi munthu wamkulu aike manja onse awiri pakati pa chifuwa, azikanikiza mwamphamvu chifuwa chizilowa masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Ngati akupuma koma wakomoka, amugoneke chammbali, ndipo asamumwetse madzi kapena phala.

Chinanso, muzisunga mayunitsi anuanu. Akangotchula mudzi, auzeni kuti "Dulani, ndikuimbirani," ndipo aike foni pa sipika kuti manja onse akhale pa wodwalayo inu mukuwawerengera.