Maimelo 400, mayankho 6 chabe: poyambira ndi pati?

Funso: "Anzanga ndithandizeni. Ndimasoka mayunifomu komanso kudinda matisheti kuno ku Chipata. Ndinatumiza maimelo 400 ku masukulu, maloji a ku Mfuwe ndi mabungwe. Pa sikirini pakuonetsa Open rate 61%, Bounce rate 13%, koma amene ayankha ndi 6 chabe. Ndisinthe mutu wa imelo kapena nditsitse mitengo?"

Amayi, mutu musaugwire kaye ndipo mitengo isiyeni momwe ilili. Pa manambala atatuwo imene ikuyaka moto ndi 13 ija, ndipo ndinganene kuti musatumizenso imelo olo imodzi pa mndandanda umenewo mpaka mutaukonza.

Tiyeni tiwerenge. 13 peresenti ya 400 ndi maimelo 52 amene anabwerera, ndiye amene seva ya tsidya lina, kompyuta yolandirira anthuwo maimelo, inalandira ndi 348. Anthu a ntchito imeneyi amafuna kuti obwerera asapitirire 2 pa 100 alionse, akafika 5 amayamba kuda nkhawa, manje inu muli pa 13. Vuto lake si anthu 52 amene mwaphonyawo ayi, vuto ndi loti Gmail ndi Outlook amaona kuti adiresi iyi ikugogoda pa makomo ambiri opanda anthu, ndipo amene amachita zimenezo kawirikawiri ndi otumiza sipamu amene anangotola mndandanda penapake. Akakukayikirani amayamba kuponya ku foda ya Spam ngakhale maimelo opita kwa anthu enieni. Ndiye mwina pa 348 aja ambiri sanaonedwe n'komwe, ndipo palibe nambala pa sikirini yanu imene ingakuuzeni zimenezo, chifukwa imelo yogwera ku Spam imawerengedwa kuti yafika.

Tsegulani maimelo obwererawo muwawerenge mmodzimmodzi, ambiri amangowafufuta koma mkati mwake muli nambala imene imanena chifukwa chake. Mudzaona zinthu ngati izi:

```
550 5.1.1
550 5.7.1
552 5.2.2
```

Yoyambayo ikutanthauza kuti adiresiyo kulibe. Mwina munthu anachoka ntchito, mwina pulojekiti inatha ndipo adiresi inatsekedwa, izi zimachitika kwambiri ku mabungwe kuno kwathu chifukwa ndalama za pulojekiti zikatha ndi anthu omwe amabalalika, mwinanso munalakwitsa polemba, gmial m'malo mwa gmail, kapena .com pamene pamafunika .co.zm. Amenewa chotsani lero lomwe, osayesanso kachiwiri. Yomalizayo ikunena kuti bokosi la munthuyo ladzaza, ndipo bokosi lodzaza nthawi zambiri mwini wake anasiya kalekale kulitsegula, mungayese kamodzi patapita sabata kenako muchotse. Manambala amene akuyamba ndi 4 m'malo mwa 5 ndi a vuto la kanthawi, seva yanu imayesanso yokha.

Yapakatiyo ndi imene ndimafuna muyang'anitsitse. Chilichonse choyamba ndi 5.7 chikutanthauza kuti adiresi ikhoza kukhala ilipo bwinobwino koma seva yakukanani inuyo, kaya chifukwa cha mbiri ya domeni yanu, dzina lija lobwera pambuyo pa @ mu adiresi yanu, kaya chifukwa sinatsimikize kuti ndinudi mwatumiza. Apa kuyeretsa mndandanda kokha sikungathandize. Tiyerekeze kuti mwawerenga mwapeza 41 ndi 5.1.1, anayi mabokosi odzaza, 7 ndi 5.7. Ndiye kuti vuto lalikulu ndi mndandanda wakale, koma 7 ajanso akukuuzani kuti pali kena kosakonzedwa pa domeni. Zikakhala mosemphana, 5.7 ndi amene achuluka, thamangirani kwa amene anakukonzerani domeni musanachite china chilichonse.

Kuti muone nokha si zovuta. Dzitumizireni imelo yomweyo ku adiresi yanu ina ya Gmail, itseguleni pa kompyuta, dinani timadontho titatu tija musankhe Show original. Pamwamba padzaoneka mizere ya SPF, DKIM ndi DMARC, njira zimene seva yolandira imatsimikizira kuti imeloyo yachokeradi ku domeni yanu, ndipo mukufuna kuona PASS pa yonse. Kuyambira mu 2024 Gmail ndi Yahoo analimbitsa malamulo, aliyense wotumiza ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo otumiza maimelo 5,000 pa tsiku kupita ku Gmail amafunika zonse zitatu. Inu simunafike pamenepo koma ikani zonse basi, ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ngati imelo yanu ili pa Google Workspace mzere wa SPF umaoneka chonchi:

```
v=spf1 include:_spf.google.com ~all
```

Mzere umenewu uyenera kukhala umodzi chabe pa domeni. Ngati mumatumiza kudzera pa pulogalamu ina, dzina lake liwonjezedwe mu mzere womwewo, osati kulemba wachiwiri, ikakhala iwiri yonse imalephera. Mukatero pemphani anzanu atatu kapena anayi, wina wa Gmail wina wa Outlook wina wa imelo ya ku ofesi, muwatumizire ndipo akuuzeni kumene yagwera, Inbox, Promotions kapena Spam.

Manje 61 ija ya Open rate, yonena kuti ndi angati anatsegula imelo, imene yakusangalatsani. Pepani koma nambala imeneyi ili ngati sikelo ya pa msika imene imasonyeza kilo musanaikepo thumba. Pulogalamu siona munthu akuwerenga. Imabisa kachithunzi kakang'ono kwambiri mu imelo, kosaoneka ndi maso, ndipo kachithunziko kakakokedwa kuchokera pa seva pulogalamu imalemba kuti watsegula. Kuyambira mu 2021 Apple anaika Mail Privacy Protection, ndipo pulogalamu yawo ya Mail imakoka zithunzi yokha olo mwini foni sanaigwire imeloyo. Mabungwe akuluakulu nawonso ali ndi makina achitetezo amene amatsegula imelo ndi kudina malinki kuti aone ngati muli kachilombo. Ngati mamanejala a maloji a ku Mfuwe amagwira ma iPhone, ganizirani nokha kuti mu 61 muja anthu enieni ndi angati. Mbali inayi, munthu amene anatseka zithunzi kuti asunge bando akhoza kuwerenga imelo yanu yonse koma osawerengedwa. Ndiye nambalayi imanama mbali zonse ziwiri.

Ntchito yake ndi imodzi, kuona kugwa kwadzidzidzi. Ngati masabata onse mumapeza cha m'ma 50 kapena 60 kenako mwezi wina mwatsikira pa 15 pa anthu a mtundu womwewo, dziwani kuti mwayamba kugwera ku Spam. Koma kusintha mutu chifukwa wina wapeza 61 wina 57, kumeneko ndi kutaya nthawi. Ine ndimakonda kuzimitsa kachithunziko pa maimelo oyamba opita kwa anthu osandidziwa, imelo ikhale mawu okhaokha ngati yolembera munthu mmodzi.

Nambala yodalirika ndi ya mayankho, kaili makina sangakufunseni mtengo wa siketi ya giredi 5. Koma iwerengeni bwino. Gawani ndi amene anafika, osati amene munatumiza: 6 pa 348 ndi 1.7 peresenti. Kenako pa 6 pomwepo chotsani mayankho odzilemba okha aja oti sindili mu ofesi, mapulogalamu ena amawaphatikiza, ndipo ngati munatumiza nthawi ya mvula makampu ambiri a m'tchire ku Luangwa amakhala atatseka ndiye mayankho otere amachuluka. Mukatero onjezerani amene anakuimbirani foni kapena kukulemberani pa WhatsApp ataona nambala pansi pa imelo. Izi pulogalamu siziona, koma kuno ahedi a sukulu ambiri salemba imelo, amangoimba kuti kodi ndinu osoka aja, ndiye aliyense watsopano muzimufunsa kuti nambala anaitenga kuti ndipo muzilemba m'kabuku.

Chinthu china chimene chimabisika ndi kusakaniza. Masukulu, maloji ndi mabungwe ndi misika itatu yosiyana, ndiye 1.7 ija sikunena za aliyense wa iwo. Tiyerekeze kuti pa 348 aja masukulu ndi 200, maloji 60, mabungwe 88, ndipo pa mayankho 6 anayi achokera ku maloji, awiri ku masukulu, ku mabungwe zii. Maloji ali pa anayi mwa 60, pafupifupi 7 peresenti, imene ndi yabwino ndithu pa anthu osakudziwani, ndiye uthenga wa kumeneko musausinthe, pezani maloji ena. Masukulu ali pa 1 peresenti ndipo funso lake ndi loti munalembera ndani komanso liti, chifukwa sukulu imaganiza za yunifomu chakumapeto kwa chaka pokonzekera Januwale, imelo ya pakati pa temu imangodutsa. Ku mabungwe mwina munalembera ma adiresi a info@ amene palibe mwini wake, pomwe matisheti amagulidwa ndi a ofesi yogula katundu, amene amafuna makoteshoni angapo komanso mapepala a kampani monga satifiketi ya PACRA ndi TPIN. Koma chenjerani, manambala ang'onoang'ono chonchi amavina, anthu awiri okha akhoza kusintha chithunzi chonse, ndiye atengeni ngati chala cholozera osati chigamulo.

Werenganinso mawu enieni a amene ayankha, muli phunziro lalikulu kuposa ma peresenti. Wolemba kuti izi si za ine kambani ndi a basa akukuuzani kuti mndandanda uli ndi anthu olakwika. Wofunsa kuti ndi zingati akukuuzani kuti imelo inalibe mtengo, ndipo ena khumi anali ndi funso lomwelo koma sanavutike kulemba. Woti tili naye kale wotisokera, mufunseni mwaulemu kuti oda yotsatira amapereka mwezi uti. Woti mundichotse mchotseni pompo, chifukwa akadina Report spam ndi zoopsa kuposa kubwerera, Gmail amafuna madandaulo asafike 0.3 peresenti, anthu atatu pa 1,000. Nkhani yotsitsa mitengo ibwere pokhapokha anthu angapo atanena okha kuti mwadula, ndipo mu funso lanu simunatchule kuti wina wanena.

Mukayambanso yambani pang'ono, maimelo 20 kapena 30 pa tsiku, gulu limodzi chabe, ma adiresi amene mwawatsimikiza ndi pulogalamu yoyesera ma adiresi kapena poimba foni ku ofesi kufunsa dzina la wogula katundu. Pa imelo yoyamba musamatepo kabuku ka zithunzi kolemera, lembani ziganizo zinayi kapena zisanu, mtengo umodzi wachitsanzo, masiku amene mumatenga kusoka zidutswa 50, ndi funso limodzi losavuta kuyankha, monga loti ndibweretse sampulo Lachinayi? Amene sanayankhe akumbutseni kamodzi patapita masiku anayi kapena asanu. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo musaweruze musanafikire anthu 100 a gulu lomwelo.

Mukamaliza kuwerenga 52 aja tiuzeni pano kuti 5.1.1 ndi angati, 5.7 ndi angati, komanso zimene Show original yaonetsa pa SPF ndi DKIM. Ma adiresi a anthu muwabise musanaike chithunzi pagulu.